Momwe mungawerengere penshoni, PAYE ndi levi ya TEVETA pa malipiro a antchito anu

Pa malipiro a wantchito aliyense pamatuluka ndalama za mitundu iwiri zopita kunja kwa bizinesi, ndipo amene ali ndi chigayo ku Luchenza kapena malole onyamula masamba a tiyi ku Thyolo ayenera kuzisiyanitsa asanagwire cholembera. Zina mumadula pa malipiro a wantchito: msonkho wa PAYE ndi gawo lake la penshoni. Zina mumaonjezera kuchokera m'thumba mwanu: gawo lanu la penshoni, levi ya TEVETA ndi inshulansi ya moyo wa wantchitoyo. Mukasokoneza mitundu iwiriyi ndiye kuti mwabera wantchito kapena mwadzipangira ngongole.

Titenge chitsanzo cha kalaliki wa pa sitolo ya zipangizo zomangira ku Chitakale. Malipiro ake okhazikika ndi K400,000 pa mwezi, ndipo mwezi uno wagwira ovataimu ya K40,000.

Choyamba, lembani manambala awiri, aliyense payekha. Malipiro okhazikika ndi K400,000. Malipiro onse a mweziwo ndi K440,000. Msonkho umawerengedwa pa ndalama zonse, pomwe penshoni ndi levi zimatsamira pa malipiro okhazikika. Ngati mumapereka alawansi yosasintha mwezi ndi mwezi, gwirizanani ndi kampani yosunga penshoni ngati ilowe m'chiwerengero kapena ayi, ndipo mgwirizanowo ukhale wolembedwa, chifukwa mikangano yambiri imayambira pamenepa munthu akamachoka ntchito.

Chachiwiri, werengerani PAYE. Pano tigwiritsa ntchito magawo amene anayamba mu Epulo 2024: pa magawo amenewo K150,000 yoyamba inalibe msonkho, K350,000 yotsatira inali 25 peresenti, kuchoka apo mpaka K2,550,000 inali 30 peresenti, ndipo yopitirira apo inali 35 peresenti. Magawowa amasintha ndi bajeti ya boma, choncho tengani tebulo latsopano ku MRA musanalipire. Njira yowerengera ndiye siisintha. Kwa kalaliki wathu, tikachotsa K150,000 pa K440,000 patsala K290,000, ndipo 25 peresenti yake ndi K72,500.

Apa pali msampha. Ambiri amayamba achotsa penshoni kenako n'kuwerengera msonkho pa zotsalazo, mwina chifukwa anatengera pulogalamu ya malipiro ya dziko lina. Kuno gawo la penshoni la wantchito silichepetsa ndalama zodulidwa msonkho. Mukatero mupeza K67,500 m'malo mwa K72,500, kupereweza K5,000 pa mwezi, K60,000 pa chaka kwa munthu mmodzi. A MRA akabwera kudzaona mabuku, sakafunsa kalalikiyo. Adzafunsa inu, chilango n'chiwongoladzanja pamwamba.

Chachitatu ndi penshoni. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza olemba ntchito kulowetsa antchito mu penshoni, ndipo lamulo latsopano la 2023 linasunga ziwerengero zomwezo: wantchito osachepera 5 peresenti, wolemba ntchito osachepera 10 peresenti. Kalaliki uja mumdula K20,000. Inu muikapo K40,000 yanu. Zonse K60,000 zipita ku kampani yosunga penshoni, monga Old Mutual kapena NICO, pamodzi ndi mndandanda wosonyeza dzina la munthu aliyense ndi magawo ake awiri. Musanyozere mndandandawo. Ndalama yopanda mndandanda imafika ndithu, koma siilowa mu akaunti ya mwini wake, ndipo iye poona sitetimenti adzati simunalipire.

Alipo mabwana amene amadula 15 peresenti yonse pa malipiro a wantchito. Kumeneko ndi kuba, ngakhale atati sankadziwa. Wantchito atha kuzindikira mosavuta: pa pepala la malipiro a K400,000, mzere wa penshoni ukaonetsa K60,000 yodulidwa m'malo mwa K20,000, ndiye kuti akulipirira bwana gawo lake.

Tsopano ndalama yopita naye kunyumba yapezeka. Pa K440,000 tichotse K72,500 ndi K20,000, atenga K347,500.

Chachinayi, levi ya TEVETA. Iyi inabwera ndi lamulo la 1999 lokhudza maphunziro a ntchito zamanja, ndipo ndi 1 peresenti ya malipiro okhazikika a antchito onse a chaka chathachi. Amatolera ndi a MRA m'malo mwa TEVETA. Wantchito sadulidwa ngakhale tambala. Popeza imawerengedwa pa chaka chonse, imadzidzimutsa amene sanaikonzekere, n'chifukwa chake ine ndimalangiza kuipatula mwezi uliwonse ngati kuti mwalipira kale. Pa kalaliki wathu ndi K4,000 pa mwezi, K48,000 pa chaka. Ikuoneka yochepa, koma pa esiteti yokhala ndi anthu mazanamazana ndi ndalama yoti akuluakulu amakhalira pansi.

Inshulansi ya moyo ndiyo imaiwalika kwambiri. Lamulo la penshoni limafuna kuti wolemba ntchito agulire wantchito aliyense inshulansi yoti atamwalira abale ake alandire ndalama zosachepera malipiro ake a chaka chimodzi, zomwe kwa kalaliki uyu ndi K4,800,000. Mtengo wake amakuuzani ndi a kampani ya inshulansi malinga ndi anthu anu ndi ntchito yawo, ndipo mumalipira nokha.

Chachisanu, yesani ngati masamu agwirizana, ndipo chitani izi mwezi uliwonse musanatumize kalikonse. Werengerani kawiri. Kuchokera kwa inu: K440,000 kuonjeza K40,000 ndi K4,000 zikukwana K484,000. Kuchokera kwa olandira: kalaliki K347,500, MRA K72,500, penshoni K60,000, ndi levi yosungidwa K4,000, zikukwananso K484,000. Ziwerengero ziwirizi zikasiyana, pali chimene mwadula kawiri kapena mwachiiwala. Onaninso kuti munthu amene mukuti mumamulipira K400,000 wakudyerani K484,000 mwezi uno, inshulansi tisanaiwerengere. Nambala imeneyi ndiyo muziyang'ana poganiza zolemba munthu wina.

Nanga mlonda wa K140,000? Pa magawo aja salipira PAYE, ndipo apa ndi pamene ambiri amatsekera buku n'kunena kuti palibe chowerengera. Chilipo. Iye adulidwa K7,000 n'kutenga K133,000, inu muika K14,000 ya penshoni ndi K1,400 ya levi, zonse K155,400. Kusafika pa mlingo wa msonkho sikuchotsa munthu pa penshoni.

Chomaliza ndi masiku. PAYE iyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo mumalemba kudzera pa Msonkho Online. Penshoni nayo iyenera kutumizidwa pasanathe masiku 14 mwezi ukatha. Vuto la kuno ndi lakuti ndalama zimayenda ndi nyengo: tiyi akachuluka nthawi ya mvula zinthu zimayenda, chilimwe chikafika matumba amauma, ndipo K60,000 ija imayamba kuoneka ngati yogulira mafuta a lole. Koma K20,000 mwa imeneyo mwaidula kale kwa mwini wake, ndipo iye ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya zantchito kapena ku Reserve Bank, komwe kuli woyang'anira makampani a penshoni. Njira yosavuta ndi kutsegula akaunti yachiwiri ku banki, n'kusamutsiramo PAYE, penshoni yonse ndi levi tsiku lomwelo limene mwalipira antchito.