Fufutani malo mʼchithunzi musanachitumize

Foni ikamajambula GPS ili yoyatsa, imatha kubisa mʼchithunzicho manambala osonyeza pomwe munaima, mwina pakhomo panu penipeni. Mukamagulitsa njinga kwa munthu wosamudziwa, chenjerani apa. WhatsApp imachotsa manambalawa chithunzi chikapita mwachizolowezi, koma mukachitumiza ngati Document kapena pa imelo, chimapita nawo onse.

Pa iPhone, mukadina chizindikiro chotumizira, pitani pa Options pamwamba nʼkuzimitsa Location. Pa Windows, dinani batani lakumanja la mausi pachithunzicho, sankhani Properties, kenako Details, kenako Remove Properties and Personal Information, nʼkudina OK kuti Windows ipange kope latsopano la chithunzicho. Tsegulaninso Details ya kope latsopanolo: mukaona Latitude ndi Longitude, malo sanachoke. Koma chikwangwani cha sitolo yoyandikana nanu chikaoneka kumbuyo, chimenecho muchidule nokha.