Mapolo a silabu ya m'mwamba: kaimikidwe kake ndi tsiku loti achoke

Malo a nyumba akuchepa ku Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Machinjiri, choncho ambiri ayamba kumanga zosanja. Ntchito ikafika pa silabu ya m'mwamba, mkangano umakhala umodzimodzi. Mwini nyumba akufuna mapolo achoke kuti apulasitale pansi, kalipentala akufuna matabwa ake akagwire kwina, ndipo wina akuti masiku asanu ndi awiri akwana chifukwa konkire wauma. Tiyeni titenge chipinda chimodzi cha mamita 4 mulifupi ndi mamita 5 mulitali, silabu yake yokhuthala mamilimita 150, tione zimene mapolo akusenza ndi nthawi imene angapume.

Konkire wa silabu imeneyi ndi makiyubiki mita atatu, ndipo kiyubiki mita imodzi imalemera makilogalamu pafupifupi 2,400. Ndiye kuti matani oposa 7 akhala pamwamba pa mitu ya anthu, ali phalaphala, osatha kudzigwira okha ngakhale pang'ono. Pa sikweya mita iliyonse pali makilogalamu 360 a konkire. Mukaonjezapo matabwa a shatala yogwira konkire asanalimbe, anthu othira, mawilibala ndi konkire wounjikana pamalo amodzi asanamusalaze, muwerengere makilogalamu 600. Mapolo akatalikirana masentimita 90 uku ndi uku, lililonse lisenza makilogalamu pafupifupi 490. Mukawatalikitsa kufika mita ndi theka pofuna kusunga ndalama, polo limodzi lisenza makilogalamu 1,350. Mpata mwaonjezawo ndi masentimita 60 okha, koma katundu watsala pang'ono kufika katatu.

M'chipinda chathuchi, pa masentimita 90, pafunika mizere isanu ya mapolo asanu ndi limodzi, onse 30, kupatula a pansi pa mabimu amene amafuna kuyandikana kuposa pamenepa. Ngati pulani ya injiniya yanena zina, tsatirani pulaniyo.

Polo la bulugama lotalika mamita atatu silifa ndi kuphwanyika. Limayamba lapindika pakati, kenako n'kuthyoka mwadzidzidzi, ndipo chimene chimaliteteza ndi kunenepa kwake. Muziliyeza kunsonga, osati kutsinde kumene wogulitsa amakuonetsani. Lisachepere mamilimita 75 kunsongako. Polo la mamilimita 50 limaoneka ngati lasiyana pang'ono chabe ndi linzake, koma mphamvu yake yokana kupindika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a la mamilimita 75. Lokhota, lofumbwa ndi lobooledwa ndi chiswe libwerere. Mapolo awiri aafupi olumikiza ndi kathabwa ndi misomali asalowe pansi pa silabu, chifukwa polumikizapo ndi pamene pamapindikira. Mukaimika onse, akhomereni thabwa lopingasa pakati pa msinkhu wawo mbali zonse ziwiri, ndipo muonjeze ena opendeketsa ochokera pansi pa polo ili kukafika pamwamba pa linalo, kuti shatala yonse isatsetserekere mbali imodzi anthu akamakankha wilibala. Mapolo achitsulo obwereka nawonso amafuna kuima chilili, ndipo pini yake ikhale yeniyeni, osati msomali kapena kachidutswa ka chitsulo cha m'konkire.

Pansi pa polo ndi pamene Blantyre amavutira. Nyumba zambiri zili pamtsetse, mbali ina anakumba, mbali ina anathira dothi. Dothi lothira limaoneka lolimba likauma, koma madzi otsukira wilibala, madzi othirira silabu kapena mvula ya usiku umodzi zikalilowa, polo limamira. Likamira masentimita awiri okha lasiya kusenza, ndipo katundu wake wapita kwa anzake oyandikana nalo. Njira yabwino ndi kuthira kaye konkire wa pansi n'kuimika mapolo pamenepo. Ngati zimenezi sizitheka, sinjani dothilo bwinobwino, mugoneke thabwa lokhuthala mamilimita 50 loti ligwire mapolo awiri kapena atatu, ndipo mukumbe kangalande kopatutsa madzi. Njerwa zowotcha zosanjikiza pofuna kutalikitsa polo lalifupi zimasweka. Pakati pa thabwa ndi polo muikepo maweji awiri a mtengo wolimba, osongoka mbali imodzi, oyang'anizana. Amenewa ndi okwezera shatala polevula, ndiponso ndi amene mudzamasule pang'onopang'ono tsiku lochotsa. Mukalevula, akhomereni msomali umodzi osaumaliza kuti asaterereke.

Za pamwamba n'zachidule. Pamitu pa mapolo pakhale matabwa a mamilimita 50 kwa 150 oimika chammbali, pa iwo pagone a 50 kwa 100 otalikirana masentimita 40, kenako pulayiwudi ya mamilimita 18 kapena mapulanga a paini othinana bwino. Mpata uliwonse utsekedwe, chifukwa chimene chimadontha pamenepo ndi simenti, ndipo chotsala ndi miyala yokhayokha. Pakani mafuta a shatala musanayale zitsulo kuti asakhudze zitsulozo. Pothira, konkire asaunjikidwe mulu pakati pa chipinda. Munthu mmodzi ayang'anire mapolo ataima pakhomo, osati pakati pawo, ndipo akaona polo likupindika kapena weji ikutuluka, aimitse ntchito.

Tsopano za masiku. Konkire salimba chifukwa chouma. Amalimba chifukwa simenti ikupitiriza kugwirana ndi madzi, ndipo madziwo akatha msanga, kulimbako kumaima. N'chifukwa chake silabu ya mu Okutobala, yoyera mbee ndi dzuwa pa tsiku lachitatu, ikhoza kukhala yofooka kuposa ya mu Juni imene ikuoneka yakuda ndi chinyezi. Silabu ikhale yonyowa masiku osachepera asanu ndi awiri, ndipo simenti yolembedwa 32.5 pathumba imafuna oposerapo. Kuwaza madzi m'mawa mokha sikukwana. Zingani m'mphepete ndi matope kuti madzi adikhe, kapena yalani masaka kapena mchenga wonyowa. Masiku amene silabu inakhala youma musawawerengere ngati masiku athunthu.

Buku la malamulo a konkire la BS 8110, limene mainjiniya ambiri kuno anaphunzira nalo, limati konkire akakhala pa madigiri 16 kapena kuposa, matabwa a m'mbali angachoke patatha maola 12, mapolo a silabu masiku 10, ndipo a mabimu masiku 14. Kukazizira kufika madigiri 7, silabu ifuna masiku 15 ndipo bimu 21. Pakati pa ziwirizi, masiku a mapolo a silabu amapezeka ndi 250 ÷ (t + 10), pamene t ndi kutentha kwa pamwamba pa konkire. Pa madigiri 10 yankho ndi masiku 13. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta Soche ndi Ndirande masiku angapo, kapena ku Chigumula ndi Bvumbwe kumene usiku kumazizira kwambiri, musamawerenge ngati muli m'chilimwe.

Koma masiku a m'bukuwa ndi ochepetsetsa, ndipo anawaikira simenti ya 42.5 ndi konkire woyezedwa bwino. Pa nyumba zambiri za m'makwalalamu simenti ndi ya 32.5, imene imachedwa kugwira mphamvu masiku oyambirira, osakaniza ndi anyamata a mafosholo, mchenga ndi wa mumtsinje wosasefa, ndipo madzi amaonjezedwa kuti konkire aziyenda mosavuta. Konkire wotere sitingamupatse masiku a m'buku. Ngati palibe choyezera, malangizo athu ndi masiku 21 pa silabu ngati yathuyi, masiku 28 pa mabimu ndi makonde olendewera, ndipo nyengo yozizira zonse zidikire 28. Lembani tsiku lothira pakhoma ndi choko kuti pasadzakhale kutsutsana. Simenti yolembedwa kuti ndi yomangira njerwa ndi kupulasitala yokha isalowe m'silabu, ngakhale mutaidikira miyezi.

Wofuna kuchotsa msanga ali ndi njira imodzi yoona, ndiyo makiyubu. Tsiku lothira, tengani konkire yemweyo amene akukwera pamwamba, osati wosakaniza mwapadera, mudzaze m'zikombole za mamilimita 150 kosanjikiza katatu, uku mukusinja ka 35 pa gawo lililonse ndi ndodo yachitsulo yake. Pangani asanu ndi limodzi. Atatu oti akuuzeni za mapolo akhale pasilabu pomwepo, azithiriridwa ndi kuzizidwa mofanana nayo, chifukwa kiyubu yosungidwa m'madzi m'nyumba imanena mphamvu imene silabu ilibe. Atatu enawo ndi a tsiku la 28. Kawaphwanyitseni ku labu yoyeza zomangira, ndipo zotsatira zake zipite kwa injiniya. Konkire wabwino amafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake pa tsiku la 7, ndiye wa giredi 25, woyenera kuonetsa 25 pa tsiku la 28, angaonetse 16 kapena 17. Akaonetsa 9, mapolo asakhudzidwe, ndipo funso lasanduka lakuti kodi silabuyo idzafika n'komwe pa mphamvu yake. Kukanda ndi msomali kumathandiza mbali imodzi yokha: konkire akamanyenyeka ndiye kuti sanakhwime, koma akakana msomali sizikutanthauza kuti m'kati mwakwana.

Musanamasule, yang'anani zimene zili pamwamba. Silabu ya nyumba yogona amaiwerengera katundu wa anthu ndi mipando wa makilogalamu pafupifupi 150 pa sikweya mita. Mulu wa njerwa wotalika mita imodzi umaposa pamenepa kakhumi. Njerwa, mchenga ndi migolo ya madzi zisaunjikidwe pakati pa chipinda. Zikhale zochepa, pamwamba pa makoma a pansi. Ngati mukuthira silabu ina pamwamba pa iyi, makilogalamu 600 aja atsikira pa iyo, choncho mapolo a pansi akhalebe kapena abwezeretsedwe, ataima molunjika ndi a m'mwamba, mpaka silabu yachiwiri itakhwima.

Pochotsa, yambani ndi mzere wa pakati pa chipinda n'kumapita kumakoma. Zitsulo za silabu yotere zili kunsi, ndipo anaipanga kuti izilendewera pakati itatsamira makoma. Mukayamba kumakoma n'kusiya polo limodzi pakati, silabu imapindikira m'mwamba pa polo limenelo, pamene palibe zitsulo, ndipo imang'aluka pamwamba. Gogodani maweji pang'ono, polo lililonse litsike mamilimita ochepa, osaligwetsa ndi hamala kapena kulikoka ndi chingwe. Musanayambe, imikani ndodo pakati pa chipinda yosiya mpata wodziwika pansi pa thabwa. Silabu ya mamita 4 ikayamba kudzisenza imatsika mamilimita ochepa kwambiri n'kuima. Ikatsika sentimita, kapena ikapitirira kutsika, kapena mukamva kuthetheka, panani maweji aja mwamsanga, aliyense atuluke, muitane injiniya. Shatala ikachoka, pamene paoneka miyala yopanda simenti kapena zitsulo zili pamtunda musafulumire kumata pulasitala wina wodziwa asanaone.

Khonde lolendewera, lopanda mzati kunja, limachita mosiyana. Zitsulo zake zogwira ntchito zili pamwamba, ndipo limadalira silabu ya m'kati kuti lisagwe. Likhale lomaliza kuchotsa, ndipo muyambire kunsonga kwake kubwerera kukhoma. Funsaninso amene analipo pothira ngati zitsulo za pamwambazo zinakhala pa timipando tozikweza, kapena ngati zinapondedwa ndi mapazi ndi wilibala mpaka kutsikira pakati. Zikakhala kuti zinatsika, masiku 28 sangakonze kanthu. Mng'alu wotsata khoma pamwamba pa khonde ndi chizindikiro chake, ndipo mapolo a pamenepo akhale mpaka injiniya atanena ngati pafunika mizati yokhalitsa kapena kuligumula.