Momwe mungadziwire ngati mulembe "she go" kapena "she goes" pambuyo pa insist ndi suggest

Kodi chiganizo chakuti *He insisted that she goes* n'cholondola? Chikhoza kukhala cholondola, koma zimadalira zimene mukufuna kunena ndiponso amene mukumulembera. Ambiri tinaphunzitsidwa kuti *she* amayenda ndi *goes*, ndiye tikaona *He insisted that she go* timaganiza kuti wolemba waiwala s. Sanaiwale. Kumeneko ndi kanenedwe kamene akatswiri a Chingerezi amakatcha sabujankitivu, ndipo ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi chifukwa m'chinenero chathu kanenedwe kameneka kamaoneka poyera. Njira yake nayi.

Choyamba: neneni chiganizocho m'Chichewa

Mneni *insist* ali ndi ntchito ziwiri. Ina ndi kuumiriza kuti chinthu chichitike. Ina ndi kukakamira kuti zimene ukunena n'zoona, ena akamatsutsa. Tiyerekeze kuti bambo aitanidwa kusukulu pa nkhani ya mwana wawo wamkazi, ndipo wina walemba kuti *He insisted that she goes to school*. Kodi bambowo anati chiyani?

Mwina anaumirira kuti mwanayo apite kusukulu. Apa mwana sakupita, ndipo bambo akufuna kuti zinthu zisinthe. Mwinanso anaumirira kuti mwanayo amapita kusukulu. Apa aphunzitsi akuti mwana amajomba, bambo akukana kuti ayi, m'mawa uliwonse amanyamuka ndi makope ake. Mwaona kuti m'Chichewa nkhani ziwirizi sizingasokonekere, chifukwa *apite* ndi *amapita* n'zosiyana ngakhale kwa mwana wa Sitandade 2.

Ndiye musanalembe, dzifunseni kuti mneni wachiwiriyo m'Chichewa akuthera ndi e, monga *apite, abweze, asaine*, kapena akungofotokoza zimene zimachitika. Ngati ndi *amapita*, lembani *goes* mtima uli m'malo, palibe mphunzitsi wa ku London kapena ku New York amene angakuchongereni molakwa. Mungathenso kulemba *went* potsatira nthawi yakale ya *insisted*, koma *goes* ndi wabwino ngati mwanayo akupitabe mpaka lero. Ngati ndi *apite*, pitirizani kuwerenga.

Chachiwiri: sankhani imodzi mwa njira zitatu

Tanthauzo la *apite* lili ndi njira zitatu zolilembera m'Chingerezi:

*He insisted that she go.*
*He insisted that she should go.*
*He insisted that she goes* (kapena *went*).

Yoyamba ndiyo sabujankitivu yeniyeni. Ku America ndi imene anthu amaiyembekezera, polemba ngakhale polankhula, ndipo ku Britain imapezeka kwambiri m'zolemba za kuntchito, za malamulo ndi m'nyuzipepala. Yachiwiri, ya *should*, ndi ya ku Britain makamaka, koma imamveka kulikonse ndipo palibe amene amaitsutsa kuti ndi yolakwa. Yachitatu ndi imene imabweretsa mkangano. Anthu a ku Britain amaigwiritsadi ntchito, makamaka pocheza, ndipo mabuku akuluakulu a malamulo a Chingerezi amavomereza kuti ilipo. Koma Mmereka akaiwerenga nthawi zambiri amamva *amapita*, kapena amangoti mwalakwitsa.

Kuno ku Malawi masukulu amatsatira Chingerezi cha ku Britain, ndiye sindinganene kuti *goes* ndi tchimo. Komabe malangizo anga ndi akuti pamayeso a MSCE, m'kalata yofunsira ntchito, m'lipoti kapena m'maminitsi a msonkhano, lembani *go* kapena *should go*. Chifukwa chake si kuopa wochonga kokha. *Goes* imasiya wowerenga pamphambano, ndipo *went* ndiye imaposa, chifukwa *He insisted that she went* ikhoza kutanthauza kuti apite, kuti ankapita, kapena kuti anapita.

Chachitatu: umbani mneniyo bwino

Mukasankha njira yoyamba, tengani mneni monga mmene amalembedwera mumtanthauziramawu, osawonjezera kanthu. Palibe s, palibe *-ed*, kaya wochitayo ndi *I, she* kapena *they*.

Mneniyu sasinthanso ndi nthawi. Timati *He insists that she go* lero, *He insisted that she go* dzulo. Apanso Chichewa chikutithandiza: timati *akuumirira kuti apite*, *anaumirira kuti apite*, ndipo *apite* sanasunthe. Amene anazolowera lamulo losintha mneni kukhala wa nthawi yakale pofotokoza zimene wina ananena ndi amene amapunthwa apa, amalemba *went* poganiza kuti akutsatira lamulo.

Mneni *be* ndiye amaonetsa kanenedwe kameneka bwino kwambiri, chifukwa amalowa m'malo mwa *is, are, was* ndi *were*. Timalemba *She insisted that he be present*, kutanthauza kuti akhalepo, ndi *They demanded that the clerk be suspended*, kutanthauza kuti aimitsidwe. Amene amamvera zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo anamvapo mawu ngati *that the Bill be now read a second time*. Kanenedwe kake ndi komweka, ndipo nyumba za malamulo zotsatira mwambo wa ku Westminster, kumene kuli Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, zakhala zikukasunga.

Pokana musaikemo *do* kapena *does*. *Asapite* ndi *that she not go*, *not* amangokhala patsogolo pa mneni. Ngati zikukumvekerani zachilendo m'khutu, ndipo ambiri zimatero, thawirani kwa *that she should not go*.

Dziwaninso kuti nthawi zambiri vutoli limabisala. Mu *I insist that they go* simungaone kusiyana kulikonse, chifukwa *they go* ndi chimodzimodzi pa matanthauzo onse awiri. N'chifukwa chake munthu amatha kulemba Chingerezi zaka zambiri osazindikira kuti kuli sabujankitivu. Imatulukira pamalo ochepa: wochita akakhala *he, she, it* kapena dzina la chinthu chimodzi, mneni akakhala *be*, pokana, ndi pamene mneni woyamba ali wa nthawi yakale.

Tiyese ndi maminitsi a msonkhano

Tinene kuti ndinu mlembi wa komiti ya sukulu. Pamsonkhano panali kudandaula kuti ndalama za chitukuko sizikuoneka bwino, ndipo inu mwalemba kuti:

*The chairman insisted that the treasurer keeps receipts.*

Patapita miyezi, kwabwera wofufuza za ndalama ndipo akuwerenga maminitsiwo. Kwa iye chiganizochi chikhoza kunena kuti wapampando anaikira kumbuyo msungichuma, kuti amasunga malisiti. Malisitiwo akapanda kupezeka, wapampando aoneka ngati ananama kapena anali m'gulu. Pomwe mwina zimene zinachitika n'zakuti wapampandoyo ndi amene anakalipa kuti msungichuma azisunga malisiti kuyambira tsiku limenelo. Chilembo chimodzi chasandutsa wodzudzula kukhala mboni.

Konzani motere. Bwererani ku zimene zinanenedwa: kodi anati *amasunga* kapena *azisunga*? Onani kuti *azisunga*, ngakhale sakuthera ndi e, ali m'gulu la *apite*, chifukwa akunena zimene zikufunika kuchitika mobwerezabwereza. Ngati anati *azisunga*, lembani *insisted that the treasurer keep receipts* kapena *should keep receipts*. Ngati anati *amasunga*, *keeps* ndi wolondola, koma ine ndikanasintha mneni woyamba n'kulemba *maintained that the treasurer keeps receipts*, chifukwa *maintain* salamula, amangotsimikiza. Mukatero palibe amene angawerenge mwina.

Kenako pitirizani ndi chiganizo chotsatira cha maminitsiwo. Ngati komiti inapempha kuti ndalama zizisungidwa kubanki, ndi *recommended that the money be banked*, osati *was banked*, chifukwa *was banked* ikhoza kumveka ngati zachitika kale.

Suggest ali ndi misampha yakeyake

Nayenso ali pawiri. *I suggest that he see a doctor* ndi kupereka maganizo kuti akaonane ndi dokotala. Koma *The report suggests that he sees patients at home* ndi kunena kuti lipoti likusonyeza kuti amaona odwala kunyumba. Wochita akakhala chinthu monga lipoti, umboni kapena kafukufuku, nthawi zambiri tanthauzo ndi la kusonyeza, ndipo s ayenera kukhalapo. Ndikuti nthawi zambiri chifukwa lipoti limathanso kupereka maganizo a zoyenera kuchita, choncho kuyesa ndi Chichewa kuja musakusiye. Kulakwitsa kwa mbali ina kumachitika kwa amene angophunzira kumene sabujankitivu: amayamba kuchotsa s paliponse, n'kulemba *The evidence suggests that he be guilty*, zimene si Chingerezi.

Msampha wina ndi *He suggested me to go*, umene umamveka kwambiri m'maofesi. *Suggest* salola zimenezo. Nenani *He suggested that I go*, kapena *He suggested going* ngati nayenso ali paulendowo. *Insist* nayenso sayenda ndi *to*: ndi *He insisted on going*, osati *insisted to go*.

Aneni ena amene amayenda m'njira ya *that she go* ndi *demand, recommend, propose, request* ndi *require*. Zimachitikanso pambuyo pa mawu ngati *It is essential that* ndi *on condition that*.

Pamene Chichewa chingakusocheretseni

Njira yoyesera ndi *apite* imakuuzani tanthauzo, koma sikuti paliponse pamene Chichewa chili ndi *kuti apite* Chingerezi chimafuna *that she go*. *Ndikufuna kuti apite* ndi *I want her to go*. *Ndinamuuza kuti apite* ndi *I told her to go*. Ndipo *hope* amatenga mneni wamba: *I hope she goes*, ndi s wake. Choncho yambani mwaona mneni woyamba. Akakhala wa gulu la *insist* ndi *suggest*, yesani tanthauzo ndi Chichewa. Akakhala *want* kapena *tell*, gwiritsani ntchito *to*. Aneni ochepa, monga *ask* ndi *require*, amalola zonse ziwiri: *They asked her to leave* ndi *They asked that she leave* onse ndi olondola, kungoti woyambayo nthawi zambiri amasonyeza kuti anamuuza mwini wakeyo, pomwe wachiwiriyo pempho likhoza kukhala kuti linapita kwa munthu wina, monga bwana wake.