Makina oyezera shuga akaonetsa nambala yachilendo, yambani mwakayikira timapepala

Anthu ambiri odwala matenda a shuga amasamala kwambiri makina oyezera, koma timapepala tomwe amadonthezapo magazi amangotiponya m'chikwama. Chonsecho timapepalati ndi timene timaonongeka msanga. Kunsonga kwa kapepala kalikonse kuli mankhwala omwe amasintha akakumana ndi shuga wa m'magazi, ndipo makina amangowerenga kusinthako. Mankhwalawo akafooka, makina amaonetsabe nambala, koma yabodza.

Mdani wamkulu kwathu kuno ndi kutentha. Timapepala tambiri timafuna kusungidwa pamalo osapitirira madigiri 30, ndipo makina ambiri amayeza bwino pakati pa madigiri pafupifupi 10 ndi 40. Malire a makina anu alembedwa pa pepala la m'bokosi. Tsono ganizirani Nsanje kapena Chikwawa mu Okutobala, kumene kunja kumadutsa madigiri 40, kabotolo kali pawindo la nyumba ya malata kapena m'galimoto yotseka. Timapepala totero tikhoza kukweza nambala kapena kuitsitsa, ndipo pongotiona simungadziwe. Sungani kabotoloko m'kabati, chapansi, m'chipinda chozizirirapo. Mufiriji musaike, chifukwa mukakatulutsa kamachita thukuta.

Chinyezi chimaononga mwakachetechete. Kabotolo ka timapepala kali ndi mankhwala oyamwa chinyezi, koma amathandiza chivindikiro chikakhala chotseka. M'nyengo ya dzinja tulutsani kapepala kamodzi ndi zala zouma, tsekani pompo. Kuthira timapepala m'kajumbo kuti muyende nato, kapena kusiya kabotolo kubafa ndi pafupi ndi mphika wowira, n'kutaya ndalama.

Kuzizira, monga m'mawa wa mu Juni ku Dedza, kumafooketsa batire, ndipo zala zozizira sizitulutsa magazi okwanira. Makina akachokera pozizira kapena potentha kwambiri, asiyeni mphindi 20 mpaka 30 m'chipinda musanayeze. Za kukwera kwa malo musade nazo nkhawa kwambiri. Makina ambiri anayesedwa mpaka mamita pafupifupi 3,000, ndipo nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002. Mpweya ukachepa timapepala ta mtundu wina timakweza nambala pang'ono, koma okwera phiri chimawavuta kwambiri n'kuzizira.

Tiyerekeze kuti mayi wina amapeza 130 mg/dL masana ambiri, koma lero makina aonetsa 310, iye akumva bwinobwino. Asathamangire kuonjezera mankhwala. Choyamba asambe m'manja ndi sopo ndi madzi ofunda. Ngati anasenda mango kapena kugwira nzimbe, shuga wotsalira pachala ndi wokwanira kukweza nambala chonchi. Apukute mpaka kuuma, chifukwa madzi amasungunula dontho la magazi n'kutsitsa nambala. Kenako aone tsiku lothera ntchito pa kabotolo, atenge kapepala katsopano, abaye m'mbali mwa chala china, ndipo asafinye mwamphamvu.

Nambala ikabwera 140, vuto linali pachala kapena pa kapepala koyamba kaja. Ikabwera 150 ndipo kachitatu 138, palibe cholakwika: muyezo womwe makinawa amatsatira umalola kuphonya ndi 15 pa 100 alionse. Koma ikabwereranso cha m'ma 300, ayese ndi kabotolo kena kosatsegula. Ngati ali ndi madzi oyesera makina, omwe amagulitsidwa padera, adontheze pa kapepala n'kuona ngati nambala yagwera m'malire olembedwa pa kabotolo. Zonse zikakhala bwino, nambalayo ndi yoona, apite kuchipatala. Atenge makinawo kuti akawafanizire ndi zotsatira za kulabu, ndipo anene ngati ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, monga zimakhalira munthu akadwala malungo, chifukwa nalo limakweza nambala pa makina ena.

Onaninso timalemba ta pambali pa nambala. Makina ena amaonetsa mmol/L, ndipo 7 wa kumeneko ndi 126 mg/dL, kungochulukitsa ndi 18.

Pali nthawi ziwiri zosayenera kulimbana ndi makina. Ngati mukunjenjemera, mukutuluka thukuta lozizira kapena mutu wasokonekera, kapena nambala ili pansi pa 70 mg/dL (3.9 mmol/L), kapenanso paoneka LO, kutanthauza kuti shuga watsika kupitirira pomwe makina angawerenge, imwani madzi osungunuliramo masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga, muyezenso pakatha mphindi 15. Ndipo makina akalemba HI, kutanthauza kuti shuga wapyola pomwe angawerenge, munthu ali ndi ludzu lalikulu, akukodza pafupipafupi kapena akusanza, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale mukukayikira timapepalato.