Wogula akati "ndilembereni pa WhatsApp," uthenga wake ukhale wotani?

Ambiri mwa ogula amene timawasaka, monga eni malo odyera ndi eni mashopu, satsegula imelo tsiku lililonse. Foni ndiyo imakhala m'manja, ndipo bandulo ya WhatsApp ya Airtel kaya TNM ndi imene ambiri amaikwanitsa. Tsono munthu akakuuzani kuti mumulembere pa WhatsApp, mumvereni. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musakope imelo yonse imene munamulembera kale n'kuimata pafoni. Imelo munthu amaiwerenga atakhala pansi, pamene uthenga wa pafoni amauona ali chiimire, mwina akupereka chenji kwa kasitomala. Ukatalika amati ndiuwerenga madzulo, ndipo pofika madzulopo wakwiririka ndi mauthenga a m'magulu a tchalitchi ndi a pachibale.

Tiyerekeze kuti ndinu mlembi wa kopaletivi ya alimi a mpunga ku Karonga. Munalembera imelo mwini malo odyera ku Lilongwe, ndime zisanu zathunthu: mbiri ya gulu, chiwerengero cha mamembala, ubwino wa mpunga wanu, mitengo ndi mathokozo. Papita sabata, kuli zii. Pa WhatsApp mungalembe chonchi:

"Mwadzuka bwanji a Phiri? Ndine Chisomo wa ku kopaletivi ya alimi a mpunga ku Karonga. Tinakumana Lachinayi pachionetsero cha zaulimi, munandipatsa nambala yanu. Tili ndi matumba 40 a mpunga wa Kilombero wopuntha kale, lililonse la makilogalamu 50, ndipo titha kufikitsa ku Lilongwe sabata yamawa. Ndikutumizireni mitengo pompano?"

Onani kuti moni ulipo, ndipo ulemu sunachepe chifukwa choti uthenga wafupika. Koma moniwo uli pamodzi ndi nkhani. Pali chizolowezi cholemba "Moni bwana" basi, n'kumadikira. Nambala yachilendo yongopereka moni anthu amaikayikira, poti akuba a pafoni, aja onama kuti atumiza ndalama molakwika, achuluka. N'chifukwa chake chiganizo chonena kumene munaitenga nambala ndi chimene ndimachiteteza kwambiri mu uthenga umenewu. Ngati nambalayo anakupatsani ndi munthu wina, mutchuleni, mutayamba mwamupempha.

Mbiri ya kopaletivi yatsala kuti? Yatsala mu imelo, ndipo ikhale komweko. Wogula akufuna kudziwa katundu, kuchuluka kwake ndi tsiku lofika. Funso lakumapeto likhale limodzi, loti a Phiri angayankhe ndi chala chimodzi kuti "eya." Mukafunsa zitatu nthawi imodzi, za mtengo, za mayendedwe ndi za kalipiridwe, ayankha chimodzi kapena sayankha n'komwe.

Akavomera, pamenepo m'pamene mutumize mndandanda wa mitengo. Utumizeni ngati PDF posankha Document, chifukwa chithunzi wamba WhatsApp imachipanikiza ndipo manambala ang'onoang'ono amatha kufufutika. Chithunzi chimodzi cha mpunga uli m'dzanja, chojambulidwa panja pakuwala, n'chokwanira. Uthenga wa mawu musayambe nawo: munthu ali pakati pa anthu sangaumvere, komanso sangabwerere kukafufuzamo nambala. Mukaona kuti mwalakwitsa chiwerengero, WhatsApp imalola kukonza uthenga pasanathe mphindi 15 mutautumiza.

Lembani nthawi ya ntchito. Foni ndi ya munthu payekha, amagona nayo kumutu, ndiye uthenga wa malonda 10 koloko usiku umakhala ngati kugogoda pachitseko cha kuchipinda. Timizere tiwiri tikasanduka tobiriwira ngati thambo, ndiye kuti wawerenga, koma ena amazimitsa chizindikirochi, choncho musaweruze nacho. Dikirani masiku awiri kapena atatu, kenaka mukumbutseni kamodzi ndi nkhani yatsopano, monga "A Phiri, galimoto inyamuka Lolemba, tikusungireni matumba angati?" Akakhalabe chete, msiyeni. Anthu angapo akakutsekani ndi kukunenezani, WhatsApp itha kutseka nambala yanu, ndipo makasitomala onse mumawataya tsiku limodzi.

Ngati n'kotheka, ikani WhatsApp Business pa nambala ya gulu, dzina la kopaletivi ndi malo ake zizioneka m'malo mwa chithunzi cha paukwati. Za Broadcast, zotumiza uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, musazidalire pa ogula atsopano, chifukwa uthenga wotere umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu.

Mukagwirizana, lembani uthenga umodzi wotsimikiza matumba, mtengo, tsiku ndi njira yolipirira, ndipo mupemphe wogula ayankhe kuti wavomera. Invoisi itumizeninso pa imelo, kuti foni ikatayika kapena kubedwa umboni usapite nayo.