Tchuthi Chimene Ndinapempha Amayi Atagonekedwa

Amayi atagonekedwa m'chipatala, ndinafunika kukawadwazika milungu itatu. Ndinayamba ndawerenga malamulo a pantchito pathu, chifukwa chomwe ndinkaopa kwambiri ndi kudulidwa malipiro.

Tchuthi chapadera n'cha zogwa mwadzidzidzi, monga maliro kapena matenda a m'banja. Kwathu amapereka masiku ochepa olipidwa, koma amafuna kalata ya dokotala, ndiye ndinayambira pamenepo. Ndinawonjezera masiku otsala a tchuthi cha pachaka, chomwe lamulo la ntchito la 2000 limati ndi masiku 15 kwa ife ogwira masiku asanu pamlungu, malipiro onse osakhudzidwa. Chosalipidwa ndinachiika kumapeto, poti tsiku lililonse limachotsedwa pamalipiro ndipo abwana angathe kukana. Ndinawapempha avomereze polemba ndisananyamuke, kuopa kuyesedwa wojomba.