Beginning, benefited, travelled: momwe mungadziwire ngati lembo lomaliza libwerezedwe m'Chingerezi

M'makalata ofunsira ntchito, m'malipoti a makomiti ndi m'zimangirizo za ana a Fomu 4 mumapezeka kawirikawiri *begining* wa n mmodzi, *occured* wa r mmodzi ndi *visitted* wa ma t awiri. Onsewa ndi olakwika, ndipo amalakwika pa lamulo limodzi. Mneni kapena mfotokozi akamalandira kamchira monga *-ing*, *-ed*, *-er* kapena *-est*, lembo lake lomaliza nthawi zina limabwerezedwa, nthawi zina ayi. Simufunika kuloweza liwu lililonse. Pali mafunso ochepa oti mulifunse liwulo, ndipo muwafunse motsatana.

Yambani ndi kamchira

Kamchira kakayamba ndi konsonanti, monga *-ment*, *-ness* kapena *-ful*, ntchito yathera pomwepo, musabwereze chilichonse. N'chifukwa chake timalemba *commitment* ndi t mmodzi pomwe *committed* ndi *committee* ali ndi awiri, komanso *equipment* pambali pa *equipped*. Kubwereza kumachitika pokhapokha kamchira kakayamba ndi vawelo.

Kenako onani zilembo zitatu zomaliza

Liwulo liyenera kuthera motere: konsonanti, vawelo imodzi, konsonanti imodzi. *Stop*, *plan*, *big* ndi *begin* onse ali choncho. Mukapeza mavawelo awiri otsatana, ngati mu *rain* kapena *wait*, musabwereze: *raining*, *waited*. Mukapeza makonsonanti awiri kumapeto, ngati mu *help* kapena *start*, musabwerezenso.

Liwu likakhala la phatikizo limodzi ndipo lakwanira pamuyezo umenewu, bwerezani mosakayika: *stopping*, *planned*, *bigger*. Cholinga cha lembo lachiwirilo ndi kuteteza vawelo kuti ikhalebe yaifupi. Taonani *hop* ndi *hope*. Wodumpha ali *hopping*, woyembekeza ali *hoping*. Mukachotsa n mmodzi mu *planning* mwalemba *planing*, ndiye kuti komiti yanu ikupala matabwa, sikukonza mapulani. Cholakwa chimabweranso mobwerera: chipinda chodyera ndi *dining room*, chifukwa mneni wake ndi *dine*, ndipo *writing* ali ndi t mmodzi chifukwa akuchokera ku *write*, ngakhale *written* ali ndi awiri. Olemba zikwangwani ambiri amaphonya pa *dining*, choncho mukamalembetsa chikwangwani cha malo odyera, mulembereni munthuyo mawuwo papepala ndipo muone zimene wajambula asanapake penti. Kufufuta ndi kulembanso mudzalipira ndinu.

Liwu lalitali: pezani pamene pali mphamvu

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndipo ndi pofunika kudekha.

Liwu la Chingerezi la maphatikizo awiri kapena kuposerapo limakhala ndi phatikizo limodzi lomwe limatchulidwa mwamphamvu kuposa ena. Mphamvuyo ikakhala pa phatikizo lomaliza, bwerezani. Ikakhala kwina, musabwereze. *Begin* amatchulidwa be-GIN, n'chifukwa chake *beginning*. *Prefer* ndi pre-FER, ndiye *preferred*. Chimodzimodzi *admit*, *submit*, *occur*, *refer* ndi *forget*. Koma *visit* ndi VI-sit, *open* ndi O-pen, *offer* ndi O-ffer, *benefit* ndi BE-ne-fit, choncho timalemba *visited*, *opening*, *offered*, *benefited*.

Mabuku ambiri amangoti "litchuleni liwulo mumve pamene pali mphamvu". Kwa ife olankhula Chichewa malangizo amenewa amasocheretsa, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Mawu athu amathera ndi vawelo, ndipo pomaliza chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Liwu la Chingerezi likalowa mkamwa mwathu timaliwonjezera vawelo: *budget* amasanduka bajeti, *target* amasanduka tageti, *limit* amasanduka limiti. Tikatero, phatikizo lomwe m'Chingerezi linali lomaliza limakhala lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo ndi lomwelo timalikoka: ba-JE-ti, ta-GE-ti, li-MI-ti. Khutu limatiuza kuti mphamvu ili pa *-get* ndi pa *-mit*. Munthu amatsata lamulo mokhulupirika n'kulemba *budgetted*, *targetted*, *limitted*. Lamulo walidziwa, khutu ndi lomwe lamunamiza. Mawu onse atatuwa mphamvu yake ili koyambirira, ndipo olondola ndi *budgeted*, *targeted*, *limited*. *Develop* nayenso amapusitsa: mphamvu yake ili pakati, de-VE-lop, choncho ndi *developed* ndi *developing*, p mmodzi.

Ndiye pa liwu lomwe mukukayikira, musadalire khutu. Tsegulani dikishonale ya ophunzira Chingerezi. Pambali pa liwu pamakhala katchulidwe kake pakati pa mizere iwiri yopendekeka, ndipo muli kachizindikiro kakang'ono koimirira m'mwamba, kokhala ngati apositirofi. Kachizindikiroko kamaikidwa kutsogolo kwa phatikizo lamphamvu. Simufunika kudziwa kuwerenga zilembo zachilendo zonsezo, ingoonani pamene kaima:

```
begin     /bɪˈɡɪn/
benefit   /ˈbenɪfɪt/
```

Mu *begin* kali pakati, kutsogolo kwa phatikizo lomaliza. Mu *benefit* kali koyambirira kwenikweni. Madikishonale abwino amakulemberaninso *beginning* pansi pa *begin* kuti musavutike. Timadikishonale ta m'thumba totsika mtengo, togulitsidwa pamodzi ndi makope m'mbali mwa msewu, kawirikawiri timangopereka tanthauzo basi, popanda katchulidwe. Musanagule tsegulani pa *begin*. Mukapanda kupeza kachizindikiroko, sungani ndalama zanu, chifukwa madikishonale a pa intaneti a Oxford ndi Cambridge amaonetsa katchulidwe kwaulere, ndipo mutha kumvetseranso.

Pali njira yachidule yothandiza pamene mulibe buku pafupi. Aneni ambiri a maphatikizo awiri oyamba ndi *ad-*, *com-*, *sub-*, *re-*, *pre-* n'kuthera ndi *-mit*, *-fer* kapena *-cur* mphamvu yawo ili kumapeto: *commit*, *submit*, *refer*, *prefer*, *recur*. Koma si onse othera choncho. *Offer*, *suffer* ndi *differ* amaoneka ngati abale a *refer*, pomwe mphamvu yawo ili koyamba, ndipo timalemba *suffered* ndi *differed*. *Limit* si mbale wa *submit* pa nkhani imeneyi.

Chinanso: mphamvu imatha kusamuka kamchira kakalowa. *Refer* amapereka *referred*, koma mu *reference* mphamvu yapita koyambirira, RE-fe-rence, ndiye r wapakatiyo ndi mmodzi. *Preference* ndi *conference* ali chimodzimodzi. Mu *occurrence* mphamvu yakhalabe pamalo pake, n'chifukwa chake muli ma r awiri. Yesani liwu lomwe latuluka, osati tsinde lokha.

Za *benefitted* wa ma t awiri: madikishonale ena amamulola ngati kalembedwe kachiwiri, choncho si wolakwika kwenikweni. Komabe *benefited* ndi amene amatsata lamulo ndipo palibe wochonga amene angakukanireni. Lembani ameneyo.

Lembo la l: sankhani mbali

*Travel* mphamvu yake ili koyamba, TRA-vel. Potsata lamulo la pamwambali tikanalemba *traveled*, ndipo Aamerika amalemba choncho. Kalembedwe kameneka kanakhazikika kwawo makamaka chifukwa cha Noah Webster, yemwe dikishonale yake yaikulu inatuluka mu 1828. Ku Britain l womaliza wotsatira vawelo imodzi amabwerezedwa mosayang'ana mphamvu: *travelled*, *cancelled*, *labelled*, *modelling*, *counsellor*. Sukulu zathu ndi nyuzipepala zathu zimatsata kalembedwe ka ku Britain, choncho wokonzekera MSCE kapena wolembera ofesi ya boma alembe ma l awiri. Mukamalembera bungwe kapena yunivesite ya ku America, l mmodzi ndiye woyenera. Chosafunika ndi kusakaniza, *travelled* patsamba loyamba ndi *canceled* patsamba lachitatu.

Pamene mphamvu ili kumapeto mbali zonse zimagwirizana: *controlled*, *compelled*, *patrolled*. Mavawelo awiri otchulidwa ngati amodzi amaletsa kubwereza ngakhale ku Britain, ndiye ndi *appealed* ndi *revealed*. Ndipo musaganize kuti Britain nthawi zonse ndi wa ma l ambiri: iwo amalemba *fulfil* ndi *enrol* pomwe Aamerika amalemba *fulfill* ndi *enroll*, koma onse amakumana pa *fulfilled* ndi *enrolled*.

Tiyese pa lipoti

Tinene kuti mlembi wa komiti ya mudzi akulemba lipoti ndipo akufuna aneni asanu ndi mmodzi m'nthawi yakale: *submit*, *budget*, *occur*, *cancel*, *benefit* ndi *commit*. Kamchira ndi *-ed*, koyamba ndi vawelo, ndipo onse akuthera ndi vawelo imodzi ndi konsonanti imodzi, choncho onse afika pa funso la mphamvu. *Submit*, *occur* ndi *commit* ili kumapeto: *submitted*, *occurred*, *committed*. *Budget* ndi *benefit* ili koyamba: *budgeted*, *benefited*. *Cancel* ili koyambanso, koma akuthera ndi l ndipo lipotilo likupita kwa bwanamkubwa, ndiye *cancelled*. Mlembiyo akafuna dzina lochokera ku *commit*, abwerere ku funso loyamba lija n'kulemba *commitment*.

Otsala ochepa

Zilembo w, x ndi y sizibwerezedwa: *showed*, *fixing*, *played*. Lembo u likatsatira q siliwerengedwa ngati vawelo, choncho ndi *quitting* ndi *equipped*. Liwu lothera ndi c limatenga k: *panicked*, *trafficking*. *Kidnapped*, *worshipped* ndi *formatted* amabwereza ngakhale mphamvu ili koyamba; awa ingowalowezani. *Focused* amalembedwanso *focussed*, koma woyambayo ndiye wofala.

Pa kompyuta, Word nthawi zambiri amabwera atatcheredwa pa Chingerezi cha ku America, ndipo amatha kuika mzere wofiira pansi pa mawu omwe mwalemba bwino. M'malo otayipitsa olipira patsamba, wotayipa wofulumira amangovomera chilichonse chimene kompyuta yanena, n'kukubwezerani kalata yosakaniza. Musanasindikize dinani `Ctrl+A`, pitani pa `Review`, `Language`, `Set Proofing Language`, musankhe `English (United Kingdom)`. Mukatero fufuzani ndi `Ctrl+F` mawu monga `planing` ndi `dinning`, chifukwa amenewa ndi mawu enieni a Chingerezi ndipo mzere wofiira sudzawagwira.